Maluwa a pa chitenje cha agogo akusinthasintha mu katuni

"Amalume, ndajambula agogo akusinja, masekondi 10 pa foni, ndiye felemu iliyonse ndayidutsitsa mu Stable Diffusion kuti ikhale katuni. Koma ndikaziphatikiza chithunzi chikuphethira ngati babu yotopa, maluwa a pa chitenje akusinthasintha, nkhope nayo sikukhazikika. Ndalakwitsa pati?"

Eee mphwanga, ndaiona vidiyo ija, ndaseka kwambiri, agogo akusintha chitenje kakhumi pa sekondi imodzi ngati ali pa chinkhoswe. Ena nonse pa gulu pano pepani, uthengawu utalikirapo.

Stable Diffusion, pulogalamu yojambula zithunzi ija, ilibe chikumbukiro. Ikamajambula felemu ya 41 siidziwa n'komwe kuti kunali ya 40. Imayamba ndi timadonthomadontho, ngati TV yopanda siginolo, n'kumatichotsa pang'onopang'ono mpaka chithunzi chituluke. Foni yako ikujambula mafelemu 30 pa sekondi, ndiye masekondi 10 ndi zithunzi 300. Zili ngati wapatsa amisiri 300 ntchito yojambula agogo, aliyense m'chipinda chakechake. Onse ajambula bwino, koma duwa la pa chitenje aliyense aliika pomwe wakonda.

Ndiye matenda alipo awiri, usawasakanize. Kuphethira kwa kuwala n'kwina, kusintha kwa maluwa ndi nkhope n'kwinanso. Imitsa vidiyoyo uziyendetsa felemu imodziimodzi. Ukaona khoma la kumbuyo likuwala n'kuda koma mawindo ali pomwepo, kumeneko ndi kuphethira, n'kosavuta. Ukaona zenera lasuntha kapena duwa lasanduka tsamba, palibe sefa yomwe ingakonze zimenezo, uyenera kubwerera kokajambulitsanso.

Yamba waona manambala awiri. Pa Seed ndikudziwa pali -1, kutanthauza kuti nthawi iliyonse ukadina kuti ijambule, ikuyamba ndi madontho atsopano. Lembapo nambala imodzi, iliyonse, isasinthe. Kenako Denoising strength, ndiye muyezo wa ufulu womwe ukuipatsa pulogalamuyo kuti isinthe chithunzi chako. Ngati Stable Diffusion ukuiyendetsa ndi pulogalamu ya AUTOMATIC1111, pa img2img, tsamba losinthira chithunzi chomwe waipatsa, imabwera ili pa 0.75, ufulu wochuluka zedi. Tsitsa ifike cha pa 0.4. Pamenepo nkhope ikhazikikako, koma ukatuni uja uchepa, azioneka ngati agogo enieni opakidwa utoto. Ukafuna katuni yeniyeni popanda mizere kuyendayenda, yatsa ControlNet, usankhe lineart, kuti mizere ya nkhope ndi ya mtondo izitengedwa ku vidiyo yako, osati m'mutu mwa pulogalamu.

Koma ndikuuziretu, zimenezi zimangochepetsa. Seed yokhazikika ili ndi vuto lakenso: timizere ndi timadontho timamatirira pa sikirini, agogo akawerama maluwa amatsala pomwe anali, ngati munthu akudutsa kuseri kwa galasi lojambulidwa. Ukaona zimenezo usadabwe.

Chimene ndimachita ine n'kusiya kupempha zithunzi 300. Choyamba tsitsa mafelemu afike 12 pa sekondi. Ojambula katuni pamanja anayamba kale zimenezi, chithunzi chimodzi chimakhala mafelemu awiri pa 24, ndipo diso limavomereza. Zatsala 120. Lamulo lake la ffmpeg, pulogalamu yodula ndi kulumikiza mavidiyo, ndakulembera apa, uyambe wapanga foda ya mafelemu:

```
ffmpeg -i agogo.mp4 -vf fps=12 mafelemu/%04d.png
```

Pa 120 zimenezo sankhapo zinayi zokha zoti zikhale katuni. Zotsalazo azidzaza ndi EbSynth. Iyo siyipeka kanthu. Imatenga utoto wa pa chithunzi chomwe waipatsa n'kumausuntha motsatira mmene zinthu zikuyendera mu vidiyo yoyambirira. Duwa likakhala pa bondo la agogo, limayenda ndi bondolo mpaka kumapeto.

Luso lagona pa kusankha zinayizo. Usangoti 1, 40, 80, 120 chifukwa zikugawika bwino. EbSynth imagonja pamene patulukira chinthu chomwe sichinali pa chithunzi chako. Mu vidiyo yako ija, munsi ukakwera manja akuphimba nkhope, ukatsika nkhope ikuonekera. Ukaipatsa chithunzi cha manja ali kumaso chokha, ikafika potsika ilibe potenga maso ndi mphuno, imangopaka utoto wa mkono pankhope, zimaoneka ngati phala lapakidwa. Ndiye tenga chimodzi munsi uli m'mwamba, china uli mu mtondo, china pamene agogo akucheukira nkhuku ija, chomaliza akumwetulira mano akuoneka. Ukayendetsa n'kuona pena papakika, pamenepo ndiye pofunika chithunzi china chowonjezera.

Tsopano zinayizo nazonso ziyenera kufanana, apo ayi chitenje chizisungunuka kuchoka ku maluwa ofiira kupita ku achikasu pakati pa njira. Chinyengo chake n'chakuti uziphatikize zikhale chithunzi chimodzi, ziwiri pamwamba ziwiri pansi. Ngati chilichonse ndi 512 kwa 512, chachikulucho chikhala 1024 kwa 1024. Uchidutsitse kamodzi, kenako uchidulenso panayi. Popeza zajambulidwa nthawi imodzi, mmisiri ndi mmodzi, nkhope ndi mitundu zimagwirizana kwambiri. Pakatsala kusiyana, kaya duku lasintha mfundo, konza pamanja mu Krita kapena GIMP. Kukonza zithunzi zinayi ndi ntchito ya madzulo amodzi. Uonetsetse kuti kukula kwake ndi chimodzimodzi ndi mafelemu a vidiyo, ndipo dzina lisunge nambala yake, cha pa felemu 37 chikhale `0037.png`. Ine tsiku lina ndinasokoneza manambalawa, magetsi atangobwera usiku, ndinayang'ana nkhope yopindika ola lathunthu ndikuda pulogalamu yosalakwa.

Chitenjecho ndinene zoona, maluwa ang'onoang'ono ndi mdani. Ngati agogo angalole kujambulidwanso, avale cha mtundu umodzi kapena cha maluwa akuluakulu ochepa. Ndipo foni uikhazike pa mpando, usaigwire m'manja. Udinikize chala pa sikirini mpaka kuwala kukhomeke, chifukwa foni imasintha yokha kuwala munsi ukamadutsa, ndiye kuphethira kwina kukuchokera kwa iwe komweko pulogalamu isanakhudze n'komwe.

Foni ikakhala yosasuntha, za kumbuyo zatha zokha. Nyumba, nkhokwe, mtengo wa mango uja, jambulitsa chithunzi chimodzi basi. Agogo ndi mtondo uwadule, uwasanjike pamwamba pake. Khoma lomwe ndi chithunzi chimodzi silingaphethire, ndipo mbali yaikulu ya zomwe zikukuwawa m'maso mu vidiyo yako ndi khomalo.

Pomaliza penipeni ndiye sefa ya kuwala ija, pophatikiza mafelemu omwe EbSynth yatulutsa, utawasonkhanitsa onse mu foda imodzi ya zotuluka:

```
ffmpeg -framerate 12 -i zotuluka/%04d.png -vf deflicker=size=5 -pix_fmt yuv420p katuni.mp4
```

Imayerekeza kuwala kwa mafelemu asanu oyandikana n'kukusalaza. Kuwala kokha, maluwa siikhudza. Anthu ena amasakaniza mafelemu oyandikana kuti abise kusinthako, koma pa kusinja usayese, munsi ukuthamanga, uona minsi itatu ngati mzukwa.

Usayambe ndi masekondi 10 onse, laputopu yako ija ingafuke utsi. Dula masekondi 2, mafelemu 24, munsi ukwere n'kutsika kamodzi kapena kawiri, uyese ndi zithunzi ziwiri. Unditumizire kumbali, osati pa gulu, bandulo ya anthu ingathe. Ndipo agogowo uwaonetse asanaone ena, ukudziwa mmene amachitira akajambulidwa duku litapendekeka.