Kuluza kakhumi kotsatizana sikutanthauza kuti mwayi wayandikira

"Abale, ndili kuno ku Luchenza. Ndakhala ndikubetcha pa kofiira pa masewera a gudumu lozungulira aja a pafoni, ndipo ndaluza kakhumi kotsatizana. Mnzanga wophunzira akuti masamu amanena kuti zinthu zimadzalinganira, ndiye ndiike zambiri tsopano. N'zoona?"

Achimwene, musaike ndalamayo. Lamulo limene mnzanuyo akutchula lilipodi, koma walimva mokhota, ndipo kukhotako kungakudyereni malipiro a mwezi wonse.

Lamuloli analitsimikizira ndi Jacob Bernoulli, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, ndipo linasindikizidwa mu 1713. Limati mukabwereza chinthu cha mwayi kambirimbiri, monga kuponya m'mwamba ndalama yachitsulo, gawo la maulendo amene mbali imodzi yatuluka limayandikira theka. Likunena za gawo pa maulendo onse. Silinena kanthu za ulendo wotsatira, ndipo silinena kuti zimene mwaluza zidzabwezedwa.

Tiyerekeze kuti mwasankha mbali imodzi ya K10 yachitsulo, ndipo kakhumi konse yagwera mbali inayo. Mwawina 0 pa 10. Mukaponyanso ka 1,000, chimene tingayembekezere n'chakuti muwina pafupifupi ka 500 ndi kuluza pafupifupi ka 500, poti ndalama siidziwa zimene zinachitika dzulo. Tikaphatikiza zonse, mwawina ka 500 pa maulendo 1,010, yomwe ndi 49.5 peresenti. Onani bwino apa: gawo lachoka pa 0 kufika pafupi ndi theka, monga lamulo linenera, koma maulendo khumi oluza aja akadalipo onse. Mwawina 500, mwaluza 510. Zili ngati supuni ya mchere: m'kapu ya tiyi simungamwe, mu diramu ya madzi simungaumve, koma palibe amene wauchotsa, madzi ndi amene achuluka. Kulinganira kumene mnzanuyo akunena n'kumeneku basi.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani mumtima. Kuluza kakhumi kotsatizana n'kosowadi. Musanayambe, mwayi wake pa ndalama yachitsulo ndi 1 pa 1,024. Koma khumi lanulo lachitika kale. Chimene chatsala ndi ulendo umodzi, ndipo mwayi wake ndi 1 pa 2, chimodzimodzi ulendo woyamba uja. Anthu obetcha pa gudumu ngati lanuli ku Monte Carlo, malo otchuka a juga m'dziko la Monaco, anaona zoposa zanu pa 18 Ogasiti 1913, pamene kampira ka pagudumu kanagwera pakuda ka 26 kotsatizana. Ambiri anaunjika ndalama pofiira, kuganiza kuti nthawi yake yakwana, ndipo anaziluza.

Tsono gudumu lanulo si lachilungamo ngati ndalama yachitsulo. Ngati lili la mtundu wofala uja, lili ndi timabowo 37: tofiira 18, takuda 18, ndi kobiriwira kamodzi ka 0. Kobiriwirako kakatuluka, wofiira ndi wakuda onse aluza. Choncho mwayi wanu ndi 18 pa 37, pafupifupi 48.6 peresenti, ndipo pa K1,000 iliyonse imene mwaika, mwini masewera amayembekezera kutsala ndi pafupifupi K27. Mukabetcha K1,000 maulendo 1,000, ndalama zodutsa m'manja mwanu ndi K1,000,000, ndipo zoyembekezeka kutayika ndi pafupifupi K27,000. Apa ndi pamene lamulo la Bernoulli likugwira ntchito mokwanira, koma likugwirira mwini masewera, amene ali ndi anthu masauzande obetcha usana ndi usiku. Mukachulukitsa maulendo, mumangoyandikira kuluza kumeneko.

Za kuika zambiri kuti mubweze, tiyeni tiwerengere pamodzi, chifukwa njira yowirikiza kawiri mukaluza ndi imene yagwetsa ambiri. Mukayamba ndi K500, kenako K1,000, K2,000, K4,000, mpaka kakhumi, mumakhala mutataya K511,500. Ulendo wa 11 umafuna K512,000, ndipo mukawina, phindu lanu lonse ndi K500 yokha. Ndani wa ife amene amathyola tiyi kapena kugulitsa nthochi pamsika angasenze zimenezo? Apa ndi pamene munthu amayamba kutenga katapila, kapena kugwira ndalama za banki m'khonde za mayi a kunyumba. Komanso masewera ambiri amaika malire a ndalama imene mungabetche ulendo umodzi, ndiye njirayo imaduka musanafike pobweza.

Pali njira yodziwira ngati zakale zili ndi mphamvu pa zimene zikubwera: funsani ngati chilipo chimene chachotsedwa. Pa makhadi 52, mukatulutsa ofiira khumi osawabwezeramo, mwatsala ofiira 16 ndi akuda 26, ndiye mwayi wasinthadi. Pa gudumu palibe kabowo kamene kamatsekedwa kakatuluka. Onse 37 alipo ulendo uliwonse, ndipo pulogalamu ya pafoni imasankha nambala mwatsopano. Mndandanda wa zotsatira zakale umene amakuonetsani pambali paja sukuuzani chilichonse za ulendo ukubwerawo.

Ndalama imene yatsala m'foniyo itapeni lero kwa ejenti, ndipo ngati mwakongola kale kuti mubetche, muuzeni m'bale mmodzi amene mumamukhulupirira musanakongolenso.