Mapasa a nkhosa, wina akuyamwa wina wangogona

"Nkhosa yanga yaswa mapasa usiku wathawu. Wina akuyamwa bwino, koma mnzake wangogona, akulira motsitsa. Ndimuthandize bwanji?"

Yambani mwapisa chala m'kamwa mwa wofookayo. Mukamva kufunda ndipo akuyamwa chalacho, vuto ndi njala chabe. M'kamwamo mukakhala mozizira, ndiye kuti thupi layamba kutaya kutentha. Mwana wankhosa wabwinobwino amatentha madigiri 39 mpaka 40, ndipo akatsika kupitirira 37 zafika poipa.

Kenako onani make. Kamani bere lililonse kawiri kapena katatu, chifukwa kunsonga kwake kumakhala kotseka ndi kaphula kamene mwana wofooka sangathe kukachotsa poyamwa. Bere likakhala lolimba, lotentha, kapena likutulutsa mkaka wamibulu kaya wamagazi, ndiye kuti ladwala, ndipo ana awiriwo akulimbirana bere limodzi. Zikatero wamphamvu ndiye amapambana nthawi zonse.

Chimene mwanayo akusowa ndi mkaka woyamba, uja wachikasu wokhuthala. Umapereka mphamvu ndi chitetezo, koma matumbo amalandira bwino chitetezocho m'maola 6 oyambirira, ndipo tsiku likatha njirayo imakhala itatsekeka. Muyeso wake ndi mamililita 50 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa ulendo umodzi, ndi mamililita 200 pa kilogalamu tsiku lonse loyamba. Tinene kuti mwana wanu akulemera makilogalamu 3: mumwetseni mamililita 150 tsopano, mubwereze maola 6 alionse, akwane 600.

Ngati akutha kuima, tsekerani wamphamvuyo pambali kwa kanthawi, mugwire make, mumuyamwitse wofookayo. Apo ayi kamirani m'botolo loyera mumwetse mkaka usanazizire, atakhala chilili, osati chagada. Ambiri amalakwitsa pothira mkaka m'kamwa mwa mwana amene sakumeza. Mkakawo umalowa m'mapapo ndipo umamupha msanga kuposa njalayo.

Nkhani yofunditsa ili ndi msampha wake. Mwana amene wapyola maola 5 chibadwire osayamwa amakhala atamaliza mafuta amene anabadwa nawo, choncho mukamufunditsa m'mimba muli mbee angathe kukomoka n'kufa. Ngati akudzutsa mutu ndi kumeza, mumwetseni kaye, kufunditsa pambuyo. Ngati mutu ukungolendewera, musamumwetse kanthu: akufunika jakisoni wa shuga wa m'mimba, ndipo imeneyo ndi ntchito ya dokotala wa ziweto.

Akadzuka, ikani make ndi ana onse m'kakhola kawokawo kouma kwa masiku awiri kapena atatu, muli madzi ambiri ndi chakudya chabwino, kuti make awazolowere onse. Michombo muiviike mu ayodini ngati simunatero kale. M'mawa ndi madzulo nyamulani mwana aliyense mugwire mimba kumbuyo kwa nthiti. Wokhuta mimba imakhala yozungulira ndipo amadziwongola akadzuka. Wanjala amaima chobenda msana, m'mbali muli mophwa. Mukaona choncho, muwonjezereni wa m'botolo koma musamuchotse kwa make.