Lendi, madzi ndi magetsi: uthenga umodzi, ndalama imodzi yomaliza

"Abale a m'gulu muno ndithandizeni. Ndili ndi nyumba zitatu pa poloti imodzi ku Chibavi, mita ya madzi ndi imodzi, ya magetsi imodzinso. Mwezi uliwonse ndimakangana ndi mayi wina wa lendi, akuti ndalama zomwe ndimawauza zimasinthasintha. Ndiziwalembera bwanji uthenga woti amve bwinobwino zoti alipire?"

Achimwene, ine ndimayang'anira nyumba za mayi anga ku Luwinga, zitatunso ngati zanuzo, ndiye vutoli ndalilawa. Ndiyambe ndi mawu omwe mwina simuwakonda: nthawi zambiri wa lendi akamati ndalama zikusinthasintha amakhala akunena zoona. Timatumiza za lendi Lolemba, bilu ya madzi ikabwera Lachinayi timatumizanso uthenga wina, kenaka tikakumana pa geti timati "paja pali ya magetsi". Munthu walandira manambala atatu masiku atatu osiyana, ndipo kuphatikiza tamusiyira yekha. Iye aphatikiza zake, inu zanu, mkangano wayamba. Dikirani mpaka zonse zikwane, mutumize uthenga umodzi, ndipo pansi pake pakhale nambala imodzi yokha yoti munthu alowetse pa foni potumiza ndalama.

Nachi chitsanzo cha mmene ndimalembera. Manambalawa ndangoika kuti tiwerengere limodzi, inu muike a pa bilu yanu ndi pa lisiti lanu. Mita ya pa mzere wa magetsi ndi kamita kakang'ono ka nyumba ya mayiwo, komwe ndifotokoze pansipa.

Mayi, mwaswera bwanji? Nazi zolipira za mwezi uno, nyumba yapakati, lero pa 28 Juni.
Lendi ya Julayi: K120,000
Madzi, bilu ya Juni: K12,000 (bilu yonse K36,000, anthu 9 pa poloti, kwanu 3)
Magetsi, 28 Meyi mpaka 28 Juni: K10,200 (mita yanu 1,482 kufika 1,567, mayunitsi 85 pa K120)
Zotsala za mwezi watha: K5,000
Kuchotsa zomwe munapereka kale pa 12 Juni: K20,000
ZONSE ZOTI MULIPIRE: K127,200
Tsiku lomaliza ndi 5 Julayi, pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala zomwe zija. Chithunzi cha bilu ndi cha mita ndatumiza pansipa. Pakakhala pena posamveka ndiuzeni tiwerengere limodzi. Zikomo kwambiri.

Onani kuti mzere uliwonse uli ndi mwezi wake. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa lendi timalipiriratu ya mwezi ukubwera, pamene madzi ndi magetsi ndi omwe agwiritsidwa kale ntchito. Mukangolemba kuti "za Juni" pamwamba n'kuika zonse pansi pake, mayiwo adzati lendi ya Juni analipira kale, ndipo adzakhala akunena zoona. Vutoli limaluma kwambiri tsiku lomwe munthu akusamuka: amaganiza kuti wamaliza zonse, chonsecho bilu ya madzi omwe wachapira mwezi wathawo sinafike. Munthu amene miyezi yonse wakhala akuona kuti madzi amatsalira m'mbuyo ndi mwezi umodzi sadabwa mukamuuza zimenezi pochoka.

Tsopano za madzi, pomwe pagona mkangano weniweni. Ngati mita yanu ndi yolipira pambuyo, bilu ya Northern Region Water Board ikabwera musathamangire nambala yaikulu ya pansi. Nambala imeneyo imaphatikiza ngongole yakale yomwe sinalipidwe ndi madzi a mwezi uno. Yogawana ndi ya mwezi uno yokha. Ine ndinalakwapo pamenepa chaka choyamba: ndinagawa nambala yonse, m'kati mwake muli ngongole ya banja lomwe linasamuka kale, ndipo mnyamata wina yemwe anali atangolowa analipira madzi omwe sanamwe. Anazindikira yekha ataona pepala la bilu, ndinamubwezera ndalama zake ndi kupepesa, koma zinatenga miyezi kuti ayambirenso kukhulupirira manambala anga. Kuyambira pamenepo chithunzi cha bilu chimapita limodzi ndi uthenga, asanachifunse.

Kagawidwe kake ine ndimakonda kuwerenga mitu ya anthu, osati zitseko. Pa chitsanzo chathu pa poloti pali anthu 9: nyumba ina 4, ya mayiwo 3, ina 2. K36,000 kugawa kwa anthu 9 ndi K4,000 munthu mmodzi, ndiye mayiwo K12,000, a anthu anayi aja K16,000, a awiri aja K8,000. Mukagawa pa zitseko aliyense alipira K12,000, ndipo anthu awiri aja akhala akulipirira zochapa za banja lalikulu mwezi ndi mwezi. Sadzanena msanga, koma adzadandaula kuseri. Chofunika n'choti lamuloli mugwirizane pamaso pa onse, kamodzi, kuphatikizapo nkhani zing'onozing'ono: kodi khanda likuwerengedwa? Nanga mlendo wochokera kumudzi akakhala masabata atatu? Kwathu tinagwirizana kuti wogona kupitirira masabata awiri alowa m'chiwerengero cha mwezi umenewo. Ndipo ngati inuyo kapena m'bale wanu akukhala pa poloti yomweyo, dziwerengereni nanunso, anthu aone kuti gawo lanu lilipo.

Bilu ikakwera modabwitsa musangoitumiza, yambani mwaima pa mita. Manambala akuda ndi omwe amawerengedwa pa bilu, ndipo imodzi ikutanthauza malita 1,000, omwe ndi zidebe 50 za malita 20. Fananizani zomwe zili pa mita ndi zomwe zalembedwa pa bilu. Kenaka tsekani mipopi yonse pa poloti, muyang'ane manambala ofiira kapena kagudumu kakang'ono kaja. Kakamayendabe ndiye kuti pena pakutayika madzi, kawirikawiri thanki ya chimbudzi yomwe siikutseka bwino kapena paipi yothyoka pansi pa nthaka. Maganizo anga ndi oti madzi otayika pa paipi ya mwini nyumba asalipidwe ndi a lendi. Mwezi wotero ndimawalipiritsa monga amalipirira miyezi yabwinobwino, zotsalazo ndi zathu eni, ndipo ndimalemba zimenezo mu uthenga momveka.

Magetsi ndi nkhani ina. Pa mita imodzi ya ESCOM yolipiriratu, nyumba zitatu, kugawa ndi mitu sikuyenda, chifukwa munthu mmodzi wophikira pa kuka nyemba tsiku ndi tsiku amadya mayunitsi kuposa banja la anthu asanu lophikira pa mbaula. Kuno ku Mzuzu Juni ndi Julayi kukazizira, wina akayatsa hita usiku wonse kapena kutenthetsa madzi osamba ndi magetsi, mayunitsi amatha ngati akuba, aliyense n'kumaloza mnzake. Njira yomwe inathetsa phokoso kwathu ndi kuika kamita kakang'ono pa nyumba iliyonse, kuseri kwa mita yaikulu. Kaikidwe ndi wamagetsi wodziwa ntchito komanso wovomerezeka, ndipo mita ya ESCOM yeniyeniyo isakhudzidwe. Timamita timeneti sitigula mayunitsi, timangowerenga zomwe nyumba iliyonse yagwiritsa ntchito.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Pa 28 Meyi kamita ka mayiwo kanali pa 1,482, pa 28 Juni kali pa 1,567, kusiyana kwake ndi mayunitsi 85. Mtengo wa yuniti imodzi musaulote ndiponso musafunse kwa aneba. Tengani mauthenga a tokeni omwe munagula mwezi umenewo, muphatikize ndalama zonse, muphatikizenso mayunitsi onse omwe munalandira, mugawe. Tinene kuti munagula a K30,000 n'kulandira mayunitsi 250: yuniti imodzi yakhala K120, misonkho ili momwemo kale. Mayunitsi 85 kuchulukitsa ndi K120 ndi K10,200. Chitani zimenezi mwezi uliwonse, chifukwa mitengo imasintha, ndipo musaonjezepo kanu pamwamba. Wa lendi akadzazindikira kuti mumamugulitsa magetsi mokweza, ngakhale mzere wa lendi adzayamba kuukayikira. Muphatikizenso timamita tonse titatu n'kuona ngati tikuyandikira zomwe mita yaikulu yadya. Kusiyana pang'ono kumakhalapo, makamaka ngati pali babu lapanja lowalira onse, ndipo limenelo muligawe mofanana kapena mulisenze nokha.

Ngati timamita mulibe, musalembe mayunitsi ongoganizira. Gwirizanani ndalama yokhazikika pa nyumba iliyonse molingana ndi zipangizo zomwe ali nazo, firiji, kuka, ayironi, n'kulemba kuti "magetsi, monga tinagwirizana". Si njira yolungama kwenikweni, koma palibe amene akunamizidwa.

Mizere iwiri ija, ya zotsala ndi ya zomwe anapereka kale, musaibise m'kati mwa ina. Ena amatenga K5,000 yotsala n'kuiponya pa lendi, lendi n'kuoneka K125,000, ndipo munthu amaganiza kuti mwakweza nyumba osamuuza. Ya K20,000 ija ilembeni ndi tsiku lake. Munthu akaona kuti ndalama yomwe anakupatsirani pamanja pakhonde simunaiiwale, mtima umakhala pansi asanafike n'komwe pa nambala yomaliza. Mukalemba mawu oti "kuchotsa" m'malo mwa kachizindikiro kochotsera, palibe amene angauwerenge ngati ngongole ina.

Musanatumize, phatikizani kawiri pa kakyuleta ya foni. K120,000 ndi K12,000 ndi K10,200 zikupanga K142,200. Kuonjeza K5,000 ndi K147,200. Kuchotsa K20,000 kutsala K127,200. Manambala apakatiwa ndi anu, asalowe mu uthenga. Mukalemba K142,200 penapake ngati "zonse za mwezi uno", kenaka K127,200 pansi, mwapereka manambala awiri ooneka ngati omaliza, ndipo munthu wowerenga mothamanga ali mu minibasi adzatenga yomwe diso lagwerapo. Mawu oti ZONSE aoneke kamodzi kokha, pa mzere wake, m'zilembo zazikulu. Osalembanso "pafupifupi 127", kapena kufupikitsa mazana awiriwo lero kuti mawa mudzawafune.

Nkhani ya yotapira muithetseretu. Ngati mukufuna kuti wotumiza pa foni aonjezere yoti mukatapire kwa ejenti, mugwirizane kale ndipo ikhale mzere wake pamwamba pa ZONSE. Musamuuze munthu atatumiza kale kuti ndalama yaperewera. Ine yotapira ndimaisenza ndekha, chifukwa gawo la madzi ndi magetsi ndimalipira pa foni pomwepo osatapa.

Uthengawu upite kwa mayiwo okha, osati pa gulu la WhatsApp la pa poloti. Pa gulu mutha kuika chithunzi cha bilu ndi kagawidwe ka madzi, poti n'za onse, koma ngongole ya munthu ndi chinsinsi chake. Madandaulo ena, a zinyalala kapena geti yosiyidwa yotsegula, akhale ndi tsiku lawo. Mukawasakaniza ndi ndalama, adzayankha za getiyo, za ndalama zii.

Akalipira ayankheni tsiku lomwelo. Tinene kuti atumiza K100,000 yokha, lembani kuti: "Mayi, ndalandira K100,000 lero pa 3 Julayi, zikomo. Yatsala K27,200." Nambala imeneyo ndi yomwe idzakhale pa mzere wa zotsala pa 28 Julayi ngati sanamalize. Kwa mwezi woyamba uno, achimwene, ndikupempheni kuti tsiku lowerenga mita muwaitane mayiwo aime nanu, awerenge okha manambala mokweza, inu mujambule chithunzi iwo akuona.