Kodi ndiode zitini 300 monga ikunenera fomula, kapena 600 kuti atichotsere mtengo?

"Ndimagwira ntchito yogula katundu pakampani yogulitsa penti. Chitini chimodzi timagula madola 20 ndipo pachaka timagulitsa zitini pafupifupi 2,400. Fomula ya EOQ, yowerengera kukula kwa oda komwe kumawonongetsa ndalama zochepa kwambiri, ikundiuza kuti ndizioda 300 nthawi iliyonse, koma wotigulitsa akuti tikamatenga 600 azitichotsera 3 peresenti. Abwana akuti titenge. Ine fomulayi ndinangoiloweza, sindidziwa komwe inachokera. Ndiikhulupirire mpaka pati?"

Zikomo pondilembera. Abwana anu akunena zoona, koma tiyambe taona mmene fomulayi imabadwira, chifukwa mukaona zimenezo mudzadziwa nokha pomwe imathera mphamvu.

Anaiyambitsa ndi Ford W. Harris mu 1913, ndipo R. H. Wilson ndiye anadzaitchukitsa pambuyo pake. Maganizo ake ndi akuti pali ndalama zamitundu iwiri zomwe zimakokanakokana. Zoyamba ndi zomwe mumawononga nthawi iliyonse mukapereka oda, kaya odayo ndi yaikulu kapena yaing'ono: kulipira galimoto yobweretsa, kutsitsa katundu, kuwerengera ndi kuyendetsa mapepala olipirira. Zimenezi tizitche S. Zachiwiri ndi zomwe chitini chimodzi chimadya chikakhala pashelefu chaka chathunthu: chiwongoladzanja cha ndalama zomwe zagona m'chitinicho, inshulansi, malo, ndi zina zomwe zimaphwanyika kapena kusowa. Zimenezi ndi H. Zitini zomwe mumagulitsa pachaka ndi D, ndipo kukula kwa oda ndi Q.

Ngati mukufuna D pachaka ndipo mumatenga Q paulendo, ndiye kuti mumaoda maulendo D/Q, ndipo ndalama zoodera ndi DS/Q. Kumbali yosunga, katundu akangofika mumakhala ndi Q, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kutheratu, kenako wina n'kufika. Choncho mukatenga chaka chonse, mumakhala mukusunga theka la Q, ndipo ndalama zosungira ndi HQ/2. Q ikamakula, gawo loyamba limatsika, lachiwiri limakwera. Masamu amaonetsa kuti zonse pamodzi zimachepetsetsa pomwe magawo awiriwa alingana:

```
DS/Q = HQ/2
Q² = 2DS/H
Q = √(2DS/H)
```

Simunanene S ndi H yanu, koma manambala omwe angabereke 300 ndi monga awa: S ya madola 75, ndi H ya 20 peresenti ya mtengo wa chitini, yomwe ndi madola 4. Mukaoda 300, maulendo ndi 8 pachaka, zoodera madola 600. Mumasunga zitini 150, zosungira madola 600. Zonse 1,200.

Tsopano taonani chinthu chomwe ambiri sauzidwa m'kalasi. Mutaoda 450, zoodera zimakhala 400, zosungira 900, zonse 1,300. Mutaoda 200, zoodera 900, zosungira 400, zonsenso 1,300. Pa 450 mwaphonya ndi theka lathunthu koma mwangotaya madola 100 pachaka, pa katundu wa madola 48,000. Ngakhale mutawirikiza kawiri kufika pa 600, zonse zimangofika 1,500. Kotero 300 musaione ngati lamulo. Ngati paleti imanyamula zitini 320, odani 320 mtima uli m'malo.

Nkhani yanu yagona apa: fomulayi imaganiza kuti mtengo wa chitini susintha, kaya mutenga 10 kapena 1,000. N'chifukwa chake mtengo wogulira mulibemo m'masamu aja kupatula kudzera mwa H. Wogulitsa akangoti mtengo utsika mukachulukitsa, fomula payokha siingakuyankheninso. Muyenera kuwerenga ndalama zonse za chaka, kuphatikizapo zogulira, pa mulingo uliwonse womwe mtengo ukusintha.

Pa 600, chitini chikugwa pa madola 19.40. Mukupulumutsa masenti 60 pa zitini 2,400, omwe ndi madola 1,440. H yatsikako pang'ono kufika 3.88, mukusunga zitini 300, ndiye zosungira ndi 1,164. Maulendo ndi 4, zoodera 300. Zonse 1,464, kuposa 1,200 ija ndi madola 264 okha. Mwaluza 264, mwapeza 1,440. Tengani.

Koma musazolowere kuvomera paliponse pomwe mwamva zochotsera. Tiyerekeze wogulitsa yemweyo wabweranso n'kuti tengani zitini zonse 2,400 kamodzi, ndikuchotserani 5 peresenti. Zimamveka zokoma kuposa zoyamba zija. Mupulumutsa madola 2,400, inde, koma muzisunga zitini 1,200 pa madola 3.80, zomwe ndi 4,560, kuwonjezapo 75 ya ulendo umodziwo. Poyerekeza ndi kuoda 300, mwaonjezera 3,435 kuti mupeze 2,400. Apa ndiye mwalowa m'madzi, ndipo pa invoisi sizioneka, chifukwa ndalama zosungira katundu palibe amene amakutumizirani bilu yake.

Musanasainire za 600 zija, pitani kaye kosungira katundu mukaone ndi maso. Fomula imaganiza kuti chitini chilichonse choonjezera chimadya madola 4 mofanana. Zoona zake n'zakuti ngati mashelefu ali ndi mpata, malo a zitini zoonjezerazo ndi aulere, chifukwa lendi mukulipira kale. Koma ngati pa chitini cha 500 mashelefu adzaza ndipo mufunika kuchita lendi chipinda china, ndalama sizikwera pang'onopang'ono ayi, zimalumpha, ndipo zikhoza kumeza phindu lonse lija. Funsaninso a maakaunti ngati angathe kulipira madola 11,640 nthawi imodzi m'malo mwa 6,000. Kampani ikakhala kuti ikuyendera ngongole yodula, H yeniyeni imaposa 20 peresenti.

S nayo anthu amaiwerenga molakwika kawirikawiri. Amatenga malipiro a antchito onse a mu ofesi yogula, n'kugawa ndi maoda a pachaka. Koma malipirowo amatuluka ndithu ngakhale maoda atachepa. Mu S muzilowa zokhazo zomwe zingapulumuke oda imodzi itapanda kuperekedwa. Ndipo ngati kwa wogulitsa yemweyo mumatengako mitundu khumi ya penti m'galimoto imodzi, madola 75 aja ndi a galimoto yonse. Kuwerengera mtundu uliwonse 75 yakeyake kumakuchititsani kuoda zochuluka mopitirira pa mtundu uliwonse. Pamenepo funso labwino n'lakuti galimotoyo izibwera kangati, kenako mtundu uliwonse n'kukweramo monga mwa kayendedwe kake.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi D. Masamu aja amaganiza kuti mwezi uliwonse mumagulitsa 200 ndendende. Tsegulani mabuku a miyezi 12 yapitayi. Mukapeza kuti miyezi ina mumagulitsa 350, ina 80, ndiye kuti 600 yomweyo nyengo ina itha pasanathe miyezi iwiri, nyengo ina ikhala miyezi yoposa isanu ndi iwiri, ndipo "theka la Q" lija silikugwiranso. Zikatero werengani nyengo iliyonse payokha. Ngatinso 2,400 yo ndi ya mitundu yosiyanasiyana, samalani ndi mitundu yoyenda mochedwa, chifukwa penti akakhalitsa amalekana n'kulimba pansi pa chitini, ndipo mtundu ukachoka m'fasho mudzaugulitsa motaya.

Dziwaninso kuti EOQ imangokuuzani kuchuluka kwa oda, osati tsiku loodera. Ngati katundu amatenga theka la mwezi kuti afike, muzipereka oda zitini zikatsala 100, n'kuonjezerapo zina zodzitetezera ngati wogulitsayo amakonda kuchedwa. Pokambirana naye za 600 zija, m'pempheni kuti mtengo wa 19.40 ukhale wa oda yonse koma katundu azibwera m'magawo awiri a 300, n'kumalipira gawo lililonse likafika. Akavomera, zoodera ndi zosungira zikhala pafupi ndi 1,200 yakale ija, ndipo 1,440 yonse ikhala yanu.