Kusintha mapu a injini pa pikapu ya katundu

"Ndili ndi pikapu ya dizilo ya tebo, walanti yatsala ndi chaka. Ndimakoka thirela ya katundu kuchoka ku Joni kupita ku Lilongwe. Anyamata ena akuti asinthe mapu a mu kompyuta ya injini kuti izikoka bwino. Kodi siifa msanga? Nanga adila adzadziwa?"

Achimwene, kompyuta ija imayendera matebulo a manambala, amenewa ndiwo mapu. Lina limanena kuti mukaponda chonchi, injini ikuzungulira chonchi, dizilo alowe wochuluka bwanji komanso nthawi iti. Lina limauza tebo kuti ipanikize mpweya mpaka pati. Palinso ena oletsa: loletsa utsi, loti mafuta asapose mpweya, ndi loletsa mphamvu, loteteza kalachi ndi giyabokosi. Wosintha mapu amakweza awiri oyambawo, kenako n'kumasula oletsawo kuti asamutsekereze. Mphamvu imabweradi, sindikana. Koma yachokera pa mpata umene opanga anasiya dala.

Ku Joni kuno mpatawo ndi wochepa kale. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kupanikizika kwa mpweya wakunja ndi mabaa 0.82, pomwe ku Durban ndi 1.0. Tiyerekeze kuti mapu akufuna mabaa 2.4, kuphatikizapo a mpweya wakunja. Ku Durban tebo ipanikiza mpweya ka 2.4, kuno ka 2.9. Akakweza kufika 2.6, kuno ndiye ka 3.2. Tebo ikuzungulira mopitirira, mpweya ukutuluka wotentha. N'chifukwa chake opanga amaika tebulo lochepetsa tebo mukakhala pamtunda ngati kuno, ndipo amisiri aulesi, ogula fayilo yakunja, amalifafaniza.

Dizilo naye akamathiridwa nthawi yaitali, amapsa mochedwa, moto n'kutsatira mu ekizozi. Woyendera m'tauni saona vuto, amaponda masekondi asanu basi. Inu mudzaponda mphindi zambiri pa zitunda za ku Zobue, thirela yodzaza mafiriji, dzuwa la ku Tete lili pamutu. Apo ndi pamene pisitoni imang'aluka. Ndinaonapo ina pa galaja ina ku Booysens, pamwamba pake patasungunuka ngati kandulo. Zizindikiro zimayamba kale: utsi wakuda mukaponda, ndi kalachi kuterereka pa giya yachisanu, injini kulira koma liwiro osawonjezeka.

Za adila, inde adzadziwa. Akalumikiza makina awo pa soketi ya OBD, yolowera mu kompyuta ya galimoto, amawerenga `CVN`, nambala yosonyeza ngati pulogalamu ndi ya fakitale. Makompyuta ambiri amawerenganso kuti alembedwa kangati, ndiye kubwezeretsa fayilo yakale sikubisa. Ena adzakuuzani za malangizo a Competition Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda ku South Africa, a pa 1 Julaye 2021. Amenewo amakulolani kupanga sevisi kwa makaniko wanu walanti osatha, koma sakakamiza dila kulipira injini imene mapu ake anasinthidwa.

Ine ndikanadikira chakacho chithe. Pambuyo pake ndikanapita kwa woyeza pa dayino, makina oyeza mphamvu ya galimoto, konkuno, n'kumuuza kuti ndimakoka thirela, asakhudze tebulo la mtunda lija, ndipo andiikire geji ya kutentha kwa ekizozi.