Maimelo 47, shefe watsopano akufika Lolemba: ndilembe chiyani?

"Aphungu, ndine mtsikana wa ku Ulongwe. Ndinaphunzira zowerengera ndalama ndipo pano ndili pa esitajiyo yophunzirira ntchito ku bungwe lina la alimi. Shefe wathu akusamuka, watsopano akufika Lolemba. Andiuza kuti nditenge maimelo 47 a nkhani yogula fetereza, oyambira mu Ogasiti, ndilembe kalata imodzi yosiyirana ntchito. Ndayesa, yakwana masamba 6 koma sinathe. Bambo akuti ndingotumiza maimelo onsewo mmene alili kuti zikalakwika mlandu usandigwere, komanso akuti sanandilipirire sukulu kuti ndizikhala mlembi wa anthu. Kodi ndikailemba bwino adzandilemba ntchito?"

Mwanawe, masamba 6 amenewo ang'ambe. Ndikudziwa mmene anabadwira, chifukwa pafupifupi aliyense wa pa esitajiyo amayamba choncho: pa tsiku lakuti auje analemba zakuti, auje anayankha zakuti, mpaka imelo ya 47. Imeneyo ndi mbiri, ndipo munthu amene akufika Lolemba m'mawa, makiyi a nyumba yosungira katundu asanawadziwe n'komwe, sakufuna mbiri. Akufuna kudziwa pamene nkhani yaima lero, chimene chikudikira iyeyo, ndi tsiku limene zinthu zidzawonongeke akapanda kuchitapo kanthu. Zimenezi zimakwana tsamba limodzi.

Koma tsamba limodzilo silituluka usanawerenge maimelo onse, kuyambira wakale kwambiri, cholembera chili m'manja. Tenga pepala, ulembe mzere umodzi pa imelo iliyonse imene yasintha kanthu: chiwerengero cha matumba, mtengo, tsiku, kapena munthu woyenera kuchita ntchito. Ya moni, ya zikomo, ya kukumbutsana, idumphe. Udzadabwa kuti pa mulu wonsewo mwina 8 kapena 10 okha ndi amene atsale. Pamene pali madontho atatu obisa zolembedwa zakale, tsegula, pakuti anthu ena amayankha mkati mwa mawu a mnzawo. Ndipo ufunse shefe amene akuchokawo ngati pali maimelo ena amene iwe sanakufike. Munthu mmodzi akangodina `Responder` m'malo mwa `Responder a todos`, nkhani imapatuka n'kumayenda pakati pa anthu awiri, enanu muli chete kuganiza kuti palibe chachitika.

Tsopano pamene pagona ntchito yeniyeni ndi apa: pa mzere uliwonse udzifunse ngati chinthucho chinagwirizanidwa, kapena wina anangochinena. Sunandipatse manambala ako, ndipo wachita bwino, za ku ofesi sizimwazidwa. Ndiye tiyerekeze ndi anga.

Tinene kuti pa 12 Ogasiti bungwe lanu linaitanitsa matumba 400 a fetereza wokulitsa, a makilogalamu 50, kwa wogulitsa wa mumzinda wa Tete, pa mtengo wa mametikali 2,800 thumba limodzi. Pa 3 Seputembala shefe wanu analemba kuti alimi ena abwerera m'mbuyo, matumba akhale 300. Wogulitsa anayankha liwu limodzi: `Recebido`. Pa 18 Seputembala inabwera fatura yoyambirira, pepala la wogulitsa lonena ndalama zoti mulipire, yolembedwabe matumba 400. Pa 26 Seputembala wa zachuma, amene imelo ya pa 3 ija sinamufike, analipira theka la faturayo, mametikali 560,000.

Ndikakufunsa kuti mwagula matumba angati, uyankha chiyani? Wophunzira waulesi amalemba 300 chifukwa ndi mawu omaliza a shefe. Wina amalemba 400 chifukwa ndi zimene zili pa fatura. Onsewo anamiza shefe watsopano. Wogulitsa uja anangovomera kuti imelo yamupeza, sanavomere kuchepetsa matumba, ndipo pepala lake lomwe likusonyeza kuti sanachepetse. Zoona zake n'zakuti chiwerengero sichinagwirizanidwe, ndipo kusagwirizanako kuli ndi mtengo wake. Akakhala matumba 400, zonse ndi mametikali 1,120,000 ndipo ngongole yotsala ndi 560,000. Akakhala 300, zonse ndi 840,000 ndipo yotsala ndi 280,000 yokha. Si ntchito yako kusankha pakati pa ziwirizi. Ntchito yako ndi kuziika zonse poyera, chilichonse ndi tsiku lake ndi mwini wake, kuti wosankha asankhe akuona.

Msampha wina ndi imelo imene yayamba ndi mawu akuti `Conforme falámos`. Ukaiona, dziwa kuti anthu awiri analankhulana pa foni kapena anakumana, ndipo chimene anapanganacho mwina sichinalembedwe paliponse. Usachipeke. Pita kwa shefe wako lero lomwe, asanakweze katundu pa galimoto, uwafunse kuti munagwirizana zotani pa tsikulo. Akakuuza, ulembe kuti izi ndi za pakamwa, wanena ndi uje, pepala palibe. Akachoka, foni yawo idzayamba kulira osayankhidwa, osati chifukwa cha nkhanza, koma nawonso adzakhala ali ndi mulu wawo kumene akupitako.

Ndiye pali funso limene linafunsidwa koma palibe analiyankha. M'maimelo aatali simulephera kukhala lotere, ndipo pa nkhani ngati yakoyi kawirikawiri ndi la mayendedwe: lole yochoka ku Tete, kudutsa Moatize mpaka kukwera ku Angonia, alipira ndani? Poti palibe imelo yoyankha, amene akungofupikitsa maimelo saliona n'komwe. Limadzaonekera tsiku limene dalaivala waima pa geti, akukana kumasula tenti mpaka apatsidwe ndalama yake.

Kalatayo udzailemba m'Chipwitikizi monga mwa ofesi yanu, koma mafupa ake ndi awa. Pa `Assunto` usasiye `RE: RE: FW:` wa anthu ena. Lemba mutu watsopano wonena nkhani ndi tsiku. Kenaka:

"Fetereza wa chaka chino, mmene zilili pa 17 Okutobala. Katundu sanabwere. Talipira mametikali 560,000 pa 26 Seputembala, umboni wa ku banki ndauphatika. Wogulitsa akuti atisungira katundu mpaka pa 31 Okutobala.

Zofuna chigamulo chanu pasanafike pa 24 Okutobala ndi ziwiri. Choyamba, matumba 400 kapena 300. Tinapempha 300 pa 3 Seputembala, wogulitsa sanavomere molemba, fatura ya pa 18 Seputembala ikunena 400. Yotsala kulipira ndi 560,000 kapena 280,000. Chachiwiri, wolipira lole. Tinafunsa kawiri, yankho palibe.

Zimene zili m'manja mwa ena: wa zachuma akudikira fatura yokonzedwa kuti amalize kulipira. Wosunga katundu akuti malo akhala okonzeka pa 22 Okutobala.

Za pakamwa: shefe wakale akuti wogulitsa anavomera pa foni kubweretsa katundu maulendo awiri. Sizinalembedwe."

Pansi pake uike maudindo ndi manambala a anthu atatu kapena anayi ofunika, basi. Taona kuti tsiku la chigamulo ndaliika mlungu wathunthu lisanafike la wogulitsa. Fatura yatsopano, siginecha ziwiri, banki, kupeza lole, zonsezi zimadya masiku, ndipo mvula yoyamba kuno kumapiri sidikira kuti ofesi imalize kulemberana. Fetereza wokulitsa akafika chimanga chitafika m'mawondo, alimi adzakhala atagula kale wawo kwina, inu n'kutsala ndi matumba. Taonanso kuti mulibe mawu ngati "mawa" kapena "mlungu wamawa". Kalata imeneyi idzawerengedwanso mu Novembala, ndipo mawa wa lero adzakhala atatayika. Mulibenso "zikukonzedwa". Akukonza ndani? Chiganizo chilichonse chikhale ndi mwini wake.

Mapepala uwaphatike wekha, atatu okha: fatura, umboni wa malipiro, ndi imelo ya pa 3 Seputembala. Usadalire kuti ali kale m'maimelomo, chifukwa munthu akamayankha imelo zophatikidwa zimatsalira m'mbuyo, ndipo shefe watsopano adzangoona mawu akuti "onani fatura" popanda fatura. Manambala achinsinsi a ku banki kapena a kompyuta asalowemo. Maganizo ako pa anthu asalowenso. Ngati wa zachuma analipira mosafunsa, manambala anena okha. Ukalemba kuti ndi wosasamala, kalatayo idzamupeza, ndipo iwe ndiwe wa pa esitajiyo, iye ndi wolembedwa.

Ukamaliza, ipereke kwa mnzako amene nkhaniyi saidziwa, aiwerenge kamodzi, umulande, umufunse kuti shefe achite chiyani Lolemba. Akayamba kukanda mutu, vuto ndi kalata. Kenaka ipite kwa shefe akuchokawo aiwerenge, akonze, ndipo aitumize ndi iwowo kapena akuyankhe molemba kuti ili bwino.

Pamenepo ndiye pali yankho la mantha a bambo ako. Kunena zoona, malangizo awowo andikwiyitsa. Ndimawamva kawirikawiri kwa makolo: mwana asaike dzina pa kanthu, abisale kumbuyo kwa mulu wa mapepala, akhale ngati palibe. Nanga munthu amene sanaikepo dzina lake pa ntchito iliyonse, adzamukumbukira ndani? Kutumiza maimelo 47 kwa munthu amene wapempha kalata imodzi si kudziteteza ayi, ndi kukana ntchito mwaulemu, ndipo shefe watsopano adzakudziwa tsiku loyamba ngati mtsikana amene anamukankhira mtolo. Chokuteteza ndi tsiku ndi gwero pa nambala iliyonse, ndi chivomerezo cha amene anakutuma. Maimelo onsewo uwatumize ndithu, koma padera, ngati nkhokwe yoti akafuna atsegule. Za ulembizo, bambo akowo uwafotokozere mwaulemu kuti kupeza kusiyana kwa mametikali 280,000 kobisala pakati pa imelo ndi fatura ndiye maphunziro aja anawalipirira. Kuwerengera ndalama pa ntchito kumaoneka chonchi, si kudinda zidindo m'chipinda chozizira.

Za kulembedwa ntchito, usadzinamize. Tsamba limodzi silitsegula malo amene palibe, ndipo shefe wofika kumene sayamba ndi kulemba anthu, amayamba ndi kuona ngati ndalama zilipo. Mabungwe ambiri a alimi amasunga wa pa esitajiyo mpaka nyengo yogawa zipangizo ithe, kenaka n'kumuthokoza. Pitiriza kuponya makalata kwina. Chimene ungapeze pano n'chocheperapo, koma ndi chenicheni: shefe akuchokawo uwapemphe kalata ya umboni asanapite, yotchula kuti unakonza zosiyirana ntchito pa nkhani yogula katundu, osati yongoti unali wakhama. Ndipo Lolemba ufike msanga ndi tsambalo litasindikizidwa, chifukwa n'kutheka kuti imelo ya ku ofesi ya shefe watsopanoyo idzakhala isanatsegulidwe.