Kodi antchito anga akuthawa chifukwa ndi a Jeni Zedi?

"Ndili ndi shopu ya zodzola ku Limbe. Chaka chino atsikana atatu andisiyira ntchito, onse osafika zaka 25. Ku maphunziro a bizinesi anatiuza kuti a Jeni Zedi sakhazikika pa ntchito, bola mamileniyo. Kodi ndizilemba achikulireko okha?"

Mayi, musasinthe kalembedwe ka antchito chifukwa cha mayina amenewa, ogawa anthu m'mibadwo potengera chaka chomwe anabadwa. Anapangidwira anthu a ku Amerika, ndipo ngakhale komweko umboni wake ndi wofooka.

Dzina la mamileniyo analiyambitsa William Strauss ndi Neil Howe, ndipo analigwiritsa ntchito m'buku lawo la mu 1991. Malire omwe ambiri amatsatira lero ndi a bungwe la Pew Research Center: mamileniyo ndi obadwa kuyambira 1981 mpaka 1996, a Jeni Zedi kuyambira 1997. Palibe chomwe chinachitika pa 31 Disembala 1996 chosintha khalidwe la makanda. Ndi mzere wongolemba kuti kuwerengera kuphweke. Mu 2020 bungwe la akatswiri a sayansi la ku Amerika, National Academies, linaunika kafukufuku wa mibadwo pa ntchito n'kupeza kuti magulu amenewa si maziko odalirika oyendetsera antchito. Mu 2023 a Pew eni akewo analengeza kuti azisamala kwambiri pogwiritsa ntchito mayinawa.

Vuto lake lalikulu ndi ili. Mukaona mtsikana wa zaka 22 akusiyana ndi mayi wa zaka 38, zifukwa zingakhale zitatu: msinkhu wake, nyengo yomwe tonse tikudutsamo, kapena chaka chomwe anabadwa. Zitatuzi ndi zomangana, chifukwa mukadziwa chaka chino ndi msinkhu wa munthu, mwadziwa kale chaka chobadwa. Kafukufuku wofunsa anthu kamodzi kokha sangazilekanitse, ndipo wambiri yemwe amatchulidwa ku maphunziro ngati amenewo ndi wotero. Achinyamata amasinthasintha ntchito chifukwa sanakhale ndi ana a sukulu kapena ngongole zowamanga pamalo amodzi, ndipo akadafunafuna powayenera. Zomwe a Jeni Zedi akunenedwa lero, mamileniyo ankanenedwanso ali a zaka za m'ma 20. Anakula, anakhazikika, mbiri n'kusamukira kwa azing'ono awo.

Kuno kwathu malirewo sakugwirizananso ndi moyo wathu. Wobadwa mu 1981 anayamba sukulu nthawi ya Kamuzu, makolo akulipira fizi. Wobadwa mu 1996 anapeza pulayimale yaulere, yomwe inayamba mu 1994. Awiriwa akuti ndi gulu limodzi! Ndipo mtsikana wa ku Namiwawa wokulira pa foni ya intaneti ndi mnzake wa ku Thyolo wothyola tiyi, onse obadwa mu 2002, akuti ali ndi mtima umodzi.

Chomwe chingakuyankheni chili m'buku lanu la malipiro. Lembani aliyense yemwe anagwirapo ntchito mu shopumo: anayamba liti, anasiya liti, ankalandira zingati, ankachokera kuti, anapita kuti. Ndiye werengerani zomwe zinkamutsalira m'manja.

Tiyerekeze kuti mumalipira K130,000 pa mwezi, ndipo mtsikanayo amachokera ku Chirimba, minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwerera, K3,000 pa tsiku. Masiku 26 ndi K78,000. Akadya cha masana cha K1,000 pa tsiku, yapitanso K26,000. Akutsala ndi K26,000 ya mwezi wonse. Munthu wa zaka 40 akanasiyanso, mwina mochedwerako chifukwa choopa kukhala opanda kanthu, koma mtima utachoka kale pa kauntala. Onaninso ngati malipirowo anakwerapo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Imeneyo ndi nkhani ya nyengo, ndipo inakhudza aliyense.

Kadziwidwe kake sikovuta. Ngati amene anasiya ndi okhala kutali pomwe wapafupi akadalipo, vuto ndi thiransipoti, ndipo kuwonjezera ndalama ya mayendedwe kapena kulemba anthu a m'dera lomwelo kungathandize. Ngati onse anasiya m'miyezi itatu yoyamba, yang'anani zomwe munalonjezana polembana ndi zomwe anapeza: maola otsekera, ntchito ya Lamlungu, kudulidwa malipiro katundu akasowa. Ngati anapita ku shopu ina ya mu Limbe momwemo, funsani mwakachetechete kuti kumeneko akulipira zingati, kapena ngati akupereka komishoni.

Dziwaninso kuti anthu atatu ndi ochepa kwambiri kuti muweruzire m'badwo wonse. Ngati onse omwe mumalemba ndi achichepere, osiyawo adzakhala achichepere basi, ndipo mulibe wowafanizira naye. Amene anasiyana nanu bwino muimbireni foni, mumufunse chomwe chikanamuchititsa kukhala. Poti simukumulipiranso, adzakuuzani zomwe sakananena ali pa ntchito.